Masekondi 350 andisowetsa mtendere

Zimene anandiuza mnzanga wa kuntchito masana zikundivutabe mumtima. Akuti, "Achimwene, ingoikani kuti pulogalamu iziyesanso ikalephera, nkhani ithe."

Vuto lake nali. Pulogalamu yathu imalankhula ndi detabesi ya PostgreSQL yomwe ili kunja kwa netiweki yathu, ndipo njira yake imadutsa pa geti ya NAT, yomwe imasintha maadilesi a mkati kukhala a kunja. Anthu akachuluka zonse zimayenda bwino. Koma kukangokhala zii kwa kanthawi, woyamba kubwera amalandira `Connection reset by peer`. Wachiwiri sadandaula. N'chifukwa chake iwo ankati detabesiyo ndi imene ikutopa.

Ndinawaonetsa zimene ndinagwira ndi lamulo ili:

```
tcpdump -n 'tcp[tcpflags] & tcp-rst != 0'
```

Paketi iliyonse ya RST, yomwe imadula kulumikizana, inkabwera pa kulumikizana komwe kwakhala chete kupitirira mphindi zisanu ndi imodzi. Komwe kwakhala chete mphindi zitatu kapena zisanu kunalibe vuto. Ku detabesi nako sikunalembedwe kuti yadula aliyense.

Geti ya NAT imasunga tebulo lokumbukira kuti adilesi ndi poti ya mkati iyi zikuyenda ndi poti ya kunja iti. Singasunge zonse mpaka kalekale, choncho mzere womwe sukudutsa kanthu imaufufuta. Yathuyi zikalata zake zimanena poyera kuti imadikira masekondi 350. Ikafufuta siuza mbali iliyonse. Pulogalamu imaganizabe kuti njira ilipo, imatumiza funso, geti n'kubweza RST poti sikuidziwanso. Mageti ena amangotaya paketiyo mwakachetechete, pulogalamu n'kumangodikira.

Anandifunsa kuti, "Nanga Linux simatumiza timapaketi tofunsa ngati mbali inayo ikadalipo?" Imatumiza, inde, koma `tcp_keepalive_time`, nthawi yomwe imadikira isanayambe kutumiza, imabwera ili pa masekondi 7200. Maola awiri! Pofika pamenepo geti inaiwala kalekale. Komanso kusintha nambalayi pakokha sikuthandiza ngati pulogalamu sinayatse `SO_KEEPALIVE`. Ukalemba `ss -tno` umaona ngati pali `timer:(keepalive` kapena palibe. Kwa ife panalibe.

Chimene chinandipweteka n'chakuti anagwedeza mutu ngati amva, kenako n'kubwereza mawu omwe aja a kuyesanso. Mwina ndatopa chabe. Koma sindikonda kubisa vuto lomwe gwero lake tikuliona ndi maso. Ndipo lamulo longoyesanso chilichonse silisiyanitsa. Tsiku lina kulumikizana kudzaduka detabesi italemba kale, yankho lokha n'kutayika panjira, ife n'kulemba chinthu chimodzi kawiri.

Ndaika `keepalives=1` ndi `keepalives_idle=60` pa seva yoyeserera, kuti geti iziona kanthu kakudutsa pafupifupi mphindi iliyonse. Njira ina n'kutseka tokha kulumikizana kulikonse kukakhala chete masekondi 300, geti isanatiyambirire, ngakhale kutsegulanso kumachedwetsa pang'ono funso loyamba. Iwo akuti imeneyi ndiye angavomere. Ine sindinasankhebe, ndipo pali pulogalamu ina yotumiza mauthenga yodutsa pa geti yomweyo imene sitinaiyang'ane n'komwe.