Neositigimini sachotsa vekuroniyamu, amangochulutsa anzake a asetilikolini

Kwa miyezi iwiri ndinkaloweza tebulo ija ya magawo awiri ya mankhwala ofooketsa minofu pa opaleshoni ngati ndakatulo ya ku pulaimale. Kumanzere sakisamethoniyamu, kumanja vekuroniyamu ndi abale ake. Uyu minofu imayamba yaphiriphitha, awa ayi. Uyu neositigimini, mankhwala obwezera mphamvu m'minofu, samubweza, awa amawabweza. Mayeso aang'ono ndinkakhoza, koma wina akanandifunsa kuti n'chifukwa chiyani mankhwala omwewo amadzutsa wodwala wina n'kumugonekeratu wina, ndikanangoyang'ana kudenga. Lachitatu lapitali ndi pamene chinthu ichi chinalowa, ndipo ndikulemba msanga chisanazizire.

Za mmene asetilikolini, wonyamula uthenga wopita ku mnofu, amachokera ku mtsempha n'kukafika pa risepita ya nikotiniki sindibwereza, tonse tinazidutsa chaka choyamba. Chimene ndinkaphonya n'chakuti mnofu sukoka chifukwa chakuti risepita yatseguka basi. Umakoka chifukwa imatseguka, kutseka, n'kupatsa khungu la selo mpata wobwerera mwakale lisanalandire uthenga wina. Zili ngati mjigo. Madzi amatuluka chifukwa chogwirira chikukwera ndi kutsika. Munthu akachitsitsa n'kukhalapo, madzi amatuluka kamodzi, kenako zii. Sakisamethoniyamu, amene timangomutcha sakisi, ndi munthu ameneyo. Kapangidwe kake ndi asetilikolini awiri olumikizana, choncho amatsegula risepita ndithu, ndipo kuphiriphitha kumene timakuona pazikope, pakhosi mpaka kuzala za kumapazi ndi madzi oyamba aja. Koma enzaimu ya pamphambano ya mtsempha ndi mnofu, asetilikolinesiteresi, simuphwanya. Amakhalabe pomwepo, timakomo ta sodiyamu tozungulira malowo timatseka osathanso kutseguka, ndipo uthenga wina uliwonse ukafika umapeza mnofu sukuyankha. Amachoka yekha pamene mlingo wake m'magazi watsika, chifukwa kolinesiteresi ya m'magazi ndi imene imamudya. N'chifukwa chake miligalamu 1 mpaka 1.5 pa kilogalamu imagwira isanakwane mphindi imodzi n'kutha pa mphindi zisanu kapena kupitirira pang'ono.

Vekuroniyamu, atirakuriyamu, rokuroniyamu ndi pankuroniyamu ndi munthu wina. Amafika pamjigo, kugwira chogwirira, osapopa. Madzi satuluka ngakhale dontho, ndiye palibe kuphiriphitha. Ndipo chimene chinandimasula n'chakuti munthuyu sagwira mpaka kalekale. Amagwira, kusiya, kugwiranso. Akasiya, amene ali pafupi ndiye amagwira. Ngati pamalopo pali vekuroniyamu wochuluka, mwayi ndi wa vekuroniyamu. Ngati asetilikolini wachuluka, mwayi ndi wake. Nkhani yonse ndi ya kuchuluka.

Tsono neositigimini amachita chiyani? Ine ndinkaganiza kuti amapita kukamuzula vekuroniyamu pa risepita, mwina chifukwa cha mawu oti "kubweza" amene timangowatchula ku fiyeta. Samukhudza n'komwe. Amakamatirira pa asetilikolinesiteresi, enzaimu imene imaphwanya asetilikolini m'kanthawi kochepa kwambiri akangotuluka. Enzaimu ikagwidwa, asetilikolini amene mtsempha watulutsa amakhalitsa, amaunjikana, ndipo akapeza risepita yasiyidwa amailanda. Vekuroniyamu akadali m'thupi, akudikira chiwindi ndi impso. Wangochepekedwa pamalopo.

Ukaona choncho, funso la sakisi limadziyankha lokha. Mnofu wa munthu wopatsidwa sakisi wafooka chifukwa chogwirira chakanikizidwa pansi. Kuwonjezera asetilikolini ndi kuitana anthu ena kuti adzakhalenso pachogwirira chomwecho. Komanso neositigimini amagwira ndi kolinesiteresi ya m'magazi yomwe, ija imene imayenera kudya sakisi. Ndiye wamulakwira wodwala kawiri. Apa ndi pamene ndinamvetsa chenjezo lija loti ngati wabweza kale ndi neositigimini kenako kholingo latseka n'kufunika sakisi, usayembekezere mphindi zisanu, atenga nthawi yotalikirapo.

Zonsezi zinalowa chifukwa cha manyazi a Lachitatu. Mayi wa makilogalamu 60, opaleshoni ya pamimba. Analandira sakisi mamiligalamu 100 poika chubu chopumira, ndipo atayamba kuonetsa kuti sakisi watha tinapereka vekuroniyamu mamiligalamu 6, kutanthauza 0.1 pa kilogalamu. Chakumapeto adokotala opanga opaleshoni anadandaula kuti mimba yalimba sakutha kutseka, ndiye tinawonjezera mamiligalamu 2. Patangotha mphindi khumi anali akusoka khungu. Ine, pofuna kuoneka wachangu, ndinali nditakoka kale neositigimini mamiligalamu 2.5 ndi atiropini 1.2 m'sirinji. Amene ankandiyang'anira anangogwira dzanja langa n'kunena kuti, "Achimwene, tayambani mwafunsa chala." Tsiku limenelo kamakina kogwedeza mtsempha kanali ndi mabatire. Tinaika timawaya pamkono, chakumbali ya kachala kakang'ono, n'kudina TOF. Kamakinako kamamenya kanayi m'masekondi awiri, ndipo umawerenga kuti chala chachikulu chagwedezeka kangati. Sichinagwedezeke ngakhale kamodzi. Anati tidikire. Ndinafunsa kuti bwanji osangowonjezera mlingo. Anati, "Muwonjezera pa chiyani?" n'kutembenukira ku monita. Sanafotokoze.

Usiku wake ndinatenga zitsekerero za mabotolo patebulo la kuchipinda. Ndinajambula timabwalo 20 papepala, amenewo marisepita. Zitsekerero zofiira vekuroniyamu, zobiriwira asetilikolini, mnzanga wogona naye chipinda n'kukhala enzaimu, ntchito yake kutola zobiriwira ndikangoziponya. Kenako ndinamuuza kuti apinde manja, kumeneko ndiye neositigimini. Zobiriwira zinayamba kuchuluka papepala. Ndiye iye mwanthabwala anafunsa kuti, "Ukandipatsa neositigimini wina ndipinde manja kawiri?" Pomwepo ndinaimirira. Enzaimu yonse ikagwidwa, palibenso chogwira. Asetilikolini sangachuluke kuposa amene mtsempha ukutulutsa. Neositigimini ali ndi denga, ndipo dengalo lili cha pa mamiligalamu 0.07 pa kilogalamu, osapyola mamiligalamu 5 onse pamodzi. Ngati zofiira zili mulu, zobiriwira zonse zimene mtsempha ungakwanitse sizingapambane. Funso lija la "muwonjezera pa chiyani" linali limeneli.

Ndikunenetsa, aliyense amene akuvutika ndi famakoloje atole zitsekerero. Ndayamba kukhulupirira kuti palibe mutu umene sungalowe ndi njira imeneyi, ngakhale mnzanga uja akuti ndayamba misala ndipo akufuna tebulo lake. Mabuku ndinawerenga atatu, zithunzi zokongola, koma palibe limene linandipindira manja.

Mayi uja tinamudikira mphindi pafupifupi 20 tikumupumitsa, mankhwala ogonetsa akadali otsegula pang'ono kuti asadzuke ali wofooka. Chala chinayamba kugwedezeka kamodzi, kenako kawiri, mpaka kanayi koma kofookera kumapeto. Kufookera kumeneko ndi chizindikiro cha gulu la vekuroniyamu. Sakisi wa mlingo wamba amachepetsa kugwedezeka konse kunayi mofanana. Pamenepo ndi pomwe tinapereka sirinji ija, ndipo tinadikiranso, chifukwa neositigimini amafika pachimake patapita mphindi pafupifupi khumi, si wa pompopompo. Ndikanapereka poyamba paja, bwenzi titapeza chimene akuluakulu amachitcha nsomba yovuulidwa: wodwala akugwedeza manja modukizadukiza, akupuma mosakwanira, akulephera kutsokomola, maso ali ndi mantha, iwe mlingo utautha kale.

Chimene chimandiopsa n'chakuti mnofu uli ndi marisepita ambiri opitirira amene umafunikira. Pafupifupi 70 pa 100 alionse akhoza kukhala atagwidwa chala chikugwedezekabe kanayi. Ndipo minofu sibwerera limodzi: chifuwa chimayamba kupuma msanga, pamene minofu ya kummero yoteteza njira ya mpweya imachedwa. Ndiye kuona bagi ikuyenda si umboni woti chubu chichoke. Makina oyeza ndi manambala amafuna kuti kugwedezeka kwachinayi kufike 0.9 ya koyamba. Maso ndi chala chathu zimalephera kuzindikira kufookera kukangodutsa cha pa 0.4. Ngakhale kudzutsa mutu masekondi asanu kumene timadalira kamakina kakafa, munthu akhoza kukwanitsa asanafike pa 0.9.

Za atiropini sindinavutike nazo, chifukwa aliyense amene anagwirapo ku kajuwoti anaonapo munthu womwa tameki. Dovu kutuluka ngati mpopi, mtima kugunda pang'onopang'ono, chifuwa kulira, kutsegula m'mimba, timaso kuchepa ngati nsonga ya singano. Tameki ndi neositigimini ndi a banja limodzi la makabameti, onse amagwira enzaimu yomweyo. Neositigimini sasankha kuti asetilikolini achuluke pamnofu pokha, amachulukanso pa marisepita a masikariniki a mtima, mapapo ndi matumbo. Atiropini wa 0.02 pa kilogalamu amatseka amenewo n'kusiya a nikotiniki. Kumene kuli gilaikopiroleti amamukonda chifukwa liwiro lake limayenderana ndi la neositigimini ndipo salowa mu ubongo, pamene atiropini amathamanga, mtima n'kuyamba wakwera usanakhazikike. Womwa tameki wambiri amafookanso minofu, ndipo n'chimodzimodzi chimene chingachitike ukapereka neositigimini wambiri kwa munthu amene vekuroniyamu wamuthera kale: asetilikolini yemweyo amasanduka wokhala pachogwirira.

Chimene chikundinyansa n'chakuti mutu wonsewu tinauphunzira m'mphindi 40, masana, masilaidi akuthamanga ngati minibasi yolimbirana pasiteji. Mphindi khumi zinathera pa sugamadekisi, amene amakuta rokuroniyamu ndi vekuroniyamu n'kuwachotsadi, mankhwala amene ine sindinawagwirepo m'manja. Neositigimini amene ndimakoka tsiku lililonse anapatsidwa silaidi imodzi. Sindikuti aphunzitsi sadziwa, amadziwa kwambiri, koma afika poti zinthuzi amaziona ngati zodziwikiratu, ndipo ku fiyeta mndandanda wa odwala sulola kuti munthu aime n'kufotokoza. Umangomva "dikirani" n'kumeza.

Pali malo amodzi pamene zitsekerero zanga zikukanika. Sakisi akaperekedwa mobwerezabwereza kapena wochuluka, kufooka kwake kumasintha khalidwe, kugwedezeka kunayi kumayamba kufookera kumapeto ngati kwa vekuroniyamu. Amati gawo lachiwiri. Pamenepo neositigimini nthawi zina amathandiza, nthawi zina amawonjezera vuto, makamaka ngati munthuyo kolinesiteresi yake ya m'magazi ndi yobadwa nayo yofooka ndipo sakisi akadali m'magazi. Chochita n'chodziwika, kumupumitsa ali mtulo mpaka mphamvu zibwere zokha. Koma pamjigo wanga sindikuona kuti munthu wokhala pachogwirira uja amasanduka bwanji wongogwira osapopa. Ndayesa kutembenuza zitsekerero chagada kuti ziimire marisepita otopa, koma sizikukhala bwino, ndipo mawa ndili pa kolo.