Chaji imene sindinaipeze pa sitetimenti yanga

Kwa milungu ingapo ndakhala ndikuwerenga za mathumba amene anthu ambiri amasonkhamo ndalama kuti akatswiri aziwagulira masheya ndi mabondi, omwe ndi mapepala a ngongole zimene boma kapena makampani amatenga. M'mayiko ena mathumbawa amawatcha yuniti tirasti, ku America amati myuchuwo fandi. Malamulo owakhazikitsira amasiyana, koma kwa wosunga ndalama wamba kayendedwe kake n'kamodzi. Chinandiyambitsa n'chinthu chaching'ono. Fomu imene ndinasayina inanena kuti pali chaji ya 2 peresenti pachaka, koma nditayala masitetimenti a chaka chonse patebulo n'kumatsata mzere ndi mzere ndi cholembera, sindinapeze paliponse pamene ndalamayo inadulidwa. Ndinafika poganiza kuti mwina anandikhululukira. Sizinali choncho. Ndinkailipira tsiku lililonse, kungoti ndinkaisaka pamalo olakwika.

Kuti ndiipeze ndinayenera kumvetsa kaye zilembo zitatu zimene zimalembedwa pa sitetimenti iliyonse: NAV. Ndi mtengo wa yuniti imodzi, kagawo ka thumba kamene munthu amagula akaikamo ndalama. Oyendetsa thumba amawerengera zonse zimene thumbalo lili nazo pa mitengo ya pamsika ya tsikulo, kaya masheya, mabondi kapena ndalama zimene zili kubanki, n'kuchotsapo zimene thumbalo likuyenera kulipira. Zotsalazo amazigawa ndi chiwerengero cha mayuniti onse amene anthu ali nawo.

```
NAV = (katundu - ngongole) / mayuniti
```

Ndinadzipangira chitsanzo, ndipo manambala onse amene akutsatirawa ndi ongoyerekezera, mtundu wa ndalama ukhale uliwonse. Thumba lili ndi katundu wa 505,000,000, ngongole zake ndi 5,000,000, ndipo mayuniti alipo 20,000,000. Tikachotsera tikutsala ndi 500,000,000, tikagawa tikupeza kuti yuniti imodzi ndi 25.

Tsopano ndabwera ine ndi 1,000,000. Thumbali lili ndi chaji yolowera ya 5 peresenti, ndiye 50,000 yachoka pakhomo pomwe. Yogulira mayuniti ndi 950,000, imene pa mtengo wa 25 ikundipatsa mayuniti 38,000. Msika usanasunthe n'komwe, ndalama yanga yachepa kale. Ndipo kuti ndibwerere pa 1,000,000 sikokwanira kuti mtengo ukwere ndi 5 peresenti, chifukwa ukukwera kuchokera pa ndalama yochepa. Pafunika pafupifupi 5.26 peresenti, kutanthauza kuti NAV ifike pa 26.32. Mathumba ena salemba chajiyi payokha, amangoika mitengo iwiri, wogulira wokwera ndi wogulitsira wotsika, ndipo mpata wa pakati pa mitengoyo ndiwo umene mwalipira. Chaji yolowerayi imapweteka, koma ubwino wake imaoneka. Munthu amaidandaula, mwina amakambirana n'kuichepetsa.

Ya pachaka ija ndiyo inandidya mutu. Yankho lake lili m'mawu aja akuti ngongole. Chaji ya oyendetsa thumba siidikira kutha kwa chaka, ndipo satumiza bilu kwa munthu aliyense. Amaiwerengera pang'onopang'ono, kawirikawiri tsiku ndi tsiku, n'kuilemba ngati ngongole ya thumba NAV isanalengezedwe. M'chitsanzo changa, 2 peresenti ya 500,000,000 ndi 10,000,000 pachaka, imene tikaigawa ndi masiku 365 ikukwana pafupifupi 27,397 patsiku. Pa yuniti imodzi ndi 0.00137, kanambala koti pa mtengo wa 25 diso silingakaone. Gawo langa ndi pafupifupi 52 patsiku, 19,000 pachaka. Mayuniti anga amakhalabe 38,000, palibe amene wachotsapo ngakhale imodzi. Chachepa ndi mtengo wa yuniti iliyonse. Ndiye nchifukwa chake sitetimenti inali chete: NAV imene ndinkaiona inali itametedwa kale.

Nditamvetsa zimenezi ndinakhala kaye phee. Sikuti pali chinyengo, ayi. Chajiyo inalembedwa pa fomu, ndipo anthu amene amasankha masheya, kusunga mabuku ndi kuyankha mafoni ayenera kulipidwa. Chimene chinandikhudza n'chakuti ndalama imene suiona ikutuluka suiwerengera, ndipo ine ndinathera mphamvu zanga zonse kudandaula 50,000 ya pakhomo.

Ndinatenga kakyuleta kuti ndione kuti mwa ziwirizi yolemera ndi iti. Ndinayerekeza kuti katundu wa thumba akukula ndi 10 peresenti pachaka machaji asanachotsedwe, kwa zaka 20. Msika weniweni suyenda mowongoka chonchi, zaka zina umagwa, koma kuti tione mphamvu ya chaji yokha tiyeni tiugwire pamalo amodzi. Thumba lodula 2 peresenti likundisiyira pafupifupi 8, ndipo 1,000,000 ikukula kufika pa 4,661,000. Ndikawonjezapo chaji yolowera ija, ndikuyambira pa 950,000 n'kufika pa 4,428,000. Choncho chaji yolowera yandidyera pafupifupi 233,000 pa zaka zonsezo. Kenako ndinasiya chaji yolowera pambali n'kusintha ya pachaka yokha, kuichotsa pa 2 kuiika pa 0.5 peresenti. Ndalama yomweyo ya 1,000,000 inafika pa 6,142,000. Kusiyana kwake ndi 1,481,000, kuposa ndalama imene ndinayamba nayo, komanso kuposa kasanu ndi kamodzi zimene chaji yolowera inadya.

Ndinabwereza masamuwo kawiri poganiza kuti ndalakwitsa. Chifukwa chake n'chosavuta. Chaji yolowera imadulidwa kamodzi pa ndalama imene mwabweretsa. Ya pachaka imadulidwa pa ndalama zonse zimene zili m'thumba, zanu zoyamba pamodzi ndi phindu lonse limene zabereka, ndipo ikadulidwa, phindu limene ikanabereka m'zaka zotsatira nalonso lapita. Imadulidwanso ngakhale chaka chimene thumba laluza.

Palinso njira ina yoionera, imene ndikuona kuti ndi yachilungamo kwambiri kwa wosunga ndalama. Timati 2 peresenti chifukwa tikuiyerekeza ndi ndalama yonse. Koma munthu saika ndalama m'thumba kuti ingokhala, amafuna phindu. Ngati phindu ndi 10, chaji ya 2 yatenga gawo limodzi mwa magawo asanu. Ngati chaka chimenecho mitengo ya zinthu yakwera ndi 6 peresenti, phindu lenileni ndi pafupifupi 4, ndipo chajiyo yatenga theka.

Sindikunena kuti thumba lopanda chaji yolowera n'loipa, kapena kuti lokhala nayo n'labwino. Nkhani yagona pa nthawi imene mukhalemo. Tiyerekeze mathumba awiri okolola mofanana. Loyamba limadula 5 peresenti polowa ndi 0.5 pachaka. Lachiwiri mumalowa ulere koma limadula 2 pachaka. Pakatha zaka 3, lachiwiri lili patsogolo: 1,260,000 pamene loyamba lili pa 1,247,000. Pakatha zaka 4 zatembenuka, loyamba lili pa 1,366,000, lachiwiri pa 1,360,000. Pofika zaka 20 loyamba lili pa 5,835,000, lachiwiri pa 4,661,000 paja. Amene akusungira chinthu cha zaka ziwiri ndi amene akusungira ukalamba sayenera kusankha mofanana. Ndipo amene amasamukasamuka, kuchoka thumba ili kupita lina chaka ndi chaka, amalipira chaji yolowera mobwerezabwereza, penanso n'kulipira yotulukira.

Nanga thumba lodula kwambiri silingakhale ndi akatswiri oposa, oti n'kubweza chajiyo? Zimatheka. Koma mu 1991 katswiri wa zachuma William Sharpe anafotokoza mfundo imene sindinathe kuitsutsa. Onse oika ndalama pamsika umodzi, tikawaphatikiza, ndiwo msikawo. Amene amangoutsatira msika amapeza zofanana ndi za msikawo, choncho machaji asanachotsedwe, amene amayesetsa kuuposa nawonso amapeza, tikawatenga pamodzi, zofanana ndi za msikawo. Machaji akachotsedwa, gulu lolipira zambiri liyenera kutsalira. Ena mwa iwo adzapambana ndithu, koma kudziwiratu kuti ndi ati n'kovuta, pamene chaji mumaidziwa musanasayine.

Nambala yoyenera kufunsa si chaji ya oyendetsa yokha. Thumba limalipiranso osunga katundu wake, owerengera mabuku ndi zina za muofesi, zonsezo kuchokera m'thumba momwemo. Pa pepala lofotokoza za thumba zimaphatikizidwa pa nambala imene ambiri amailemba kuti TER, ena OCF, ena expense ratio. Ndalama zolipira pogula ndi kugulitsa masheya nthawi zambiri sizikhala m'nambala imeneyi, ngakhale kuti nazonso zimatsitsa NAV. Poyerekeza phindu limene mathumba amalengeza, kumbukirani kuti phindu lowerengedwa kuchokera pa NAV lachotsedwa kale machaji a pachaka, ndiye musawachotsenso kachiwiri, koma kawirikawiri silinachotsedwe chaji yolowera. Thumba langa likalengeza 8 peresenti m'chaka changa choyamba, ine ndili ndi 950,000 yokula kufika pa 1,026,000. Phindu langa ndi 2.6 peresenti.

NAV inandisocheretsaponso mwanjira ina. Ndinkaganiza kuti thumba la yuniti ya 25 n'lotchipa kuposa la yuniti ya 250, chifukwa ndipeza mayuniti ambiri. Koma 950,000 imagula mayuniti 38,000 kuno kapena 3,800 uko, ndipo mathumba onse akakwera ndi 10 peresenti ndili ndi 1,045,000 konsekonse. Kukula kwa nambalayo kumangosonyeza mmene thumba linagawidwira ndi kumene lachokera, sikunena chilichonse za kumene likupita. Komanso m'mathumba ambiri mtengo umene mugulire si umene mwauona lero, koma umene uwerengedwe pambuyo poti oda yanu yalandiridwa. Anachita dala kuti wina asagule pa mtengo wakale atadziwa kale kuti msika wakwera, n'kudyera masuku pamutu amene ali m'thumbamo.

Kutsika kwa NAV nakonso sikuti nthawi zonse ndi kuluza. Thumba likagawa phindu kwa eni mayuniti, ndalamayo yatuluka m'thumba, ndiye mtengo umatsika ndi mlingo womwewo. Yuniti ikhale pa 27, agawe 1.5 pa yuniti iliyonse, mtengo utsikira pa 25.5. Ine wa mayuniti 38,000 ndalandira 57,000, ndipo ndikaibweza m'thumba ndipeza mayuniti ena pafupifupi 2,235. Woyang'ana mtengo wokha angaganize kuti wataya ndalama n'kuthamangira kugulitsa.

Tsopano m'kope langa ndajambula mizere inayi: tsiku, ndalama imene ndapereka, mayuniti amene ndapeza, ndi NAV ya tsikulo. Kumapeto kwa mwezi ndimachulukitsa mayuniti onse ndi NAV yatsopano n'kuyerekeza ndi zonse zimene zinatuluka m'manja mwanga, osati zimene zinatsala atadula. Pansi pake ndimalemba nambala imodzi imene sitetimenti siilemba: ndalama yonse ili m'thumba kuchulukitsa ndi TER, kugawa ndi 12. Pa 950,000 ndi TER ya 2 peresenti, imeneyo ndi 1,583 pamwezi.