Chinsinsi chobisala mwa 33

M'gulu lathu lowerengera masamu ku Chilomoni tafika pa manambala a pulayimu, ndipo chimene chandigwira mtima ndi chakuti chinsinsi cha mauthenga chingathe kutsamira pa ntchito yophweka popita koma yovuta pobwerera.

Pulayimu ndi nambala yoposa 1 imene singagawike ndi nambala ina popanda chotsala, kupatula 1 ndi iyo yomwe. Mayi wogulitsa tomato mumsika wa Limbe akakhala ndi tomato 12 atha kuika milu itatu ya anayianayi kapena iwiri ya sikisisikisi. Akakhala ndi 13, kaya aike awiriawiri kaya atatuatatu, wina atsala basi. Choncho 13 ndi pulayimu, monganso 2, 3, 5, 7 ndi 11. Nambala ina iliyonse yoposa 1 imamangidwa pochulukitsa mapulayimu, mwanjira imodzi yokha: 12 ndi 2 × 2 × 3. Euclid anasonyeza zaka zoposa 2,000 zapitazo kuti mapulayimu satha.

Tsono yesani izi. Kuchulukitsa 89 ndi 97 sikutenga mphindi, yankho ndi 8633. Koma munthu akangokupatsani 8633 n'kunena kuti mupeze mapulayimu amene anaibala, mumayamba kugawa ndi 2, kenako 3, 5, 7, ndipo mumakapeza yankho pa pulayimu ya nambala 24. Ron Rivest, Adi Shamir ndi Leonard Adleman anamanga njira yawo yobisira mauthenga yotchedwa RSA pa kusiyana kumeneku mu 1977.

Tinaiyesa papepala ndi timanambala tating'ono. Mnzanga wa ku Ndirande anasankha 3 ndi 11 mwachinsinsi, n'kuchulukitsa, kupeza 33. Kenako anachotsa 1 pa pulayimu iliyonse n'kuchulukitsanso: 2 × 10 = 20. Anafuna manambala awiri oti akachulukitsidwa n'kugawidwa ndi 20 patsale 1, ndipo 3 ndi 7 anakwanira chifukwa 21 amasiya 1. Anatiuza tonse 33 ndi 3, imeneyo ndiye kiyi ya poyera. Koma 7 anasunga mumtima.

Uthenga wanga unali nambala 5. Potsatira 3 wa kiyi ya poyera uja, ndinachulukitsa ma 5 atatu, 5 × 5 × 5 = 125, n'kugawa ndi 33, patsala 26. Ndinatchula 26 mokweza, aliyense akumva. Iye, potsatira 7 wake wachinsinsi uja, anatenga ma 26 asanu ndi awiri n'kuwachulukitsa pa kakyuleta ya mufoni, kunatuluka 8,031,810,176. Atagawa ndi 33 panatsala 5, uthenga wanga ndendende. Ndinasangalala kwambiri kuona zikutheka pamaso panga.

Womvetsera ali ndi 33, 3 ndi 26. Chimene akusowa ndi 7, ndipo 7 amapezeka ukadziwa 20, pamene 20 amapezeka ukaswa 33 kukhala 3 ndi 11. Ngakhale mwana wa pulayimale angaswe 33. N'chifukwa chake makiyi enieni a RSA masiku ano amakhala ndi mabiti 2048, nambala ya madijiti pafupifupi 617. Mu 2020 akatswiri anaswa nambala yoyeserera ya madijiti 250 yotchedwa RSA-250, koma zinatheka ndi makompyuta ambirimbiri ogwira ntchito limodzi. Kuchoka pa 250 kufika pa 617 si kungowonjezera pang'ono, ntchitoyo imakula koopsa.

Musamve ngati uthenga uliwonse umatsekedwa ndi RSA. Njirayi ndi yochedwa, motero mawu enieniwo amabisidwa ndi njira yachangu monga AES, pamene RSA imathandiza kwambiri kutsimikiza kuti tsamba la banki limene mwatsegula ndi lenilenidi. WhatsApp imagwiritsa masamu ena otchedwa Curve25519, koma nawonso akhazikika pa pulayimu, 2^255 − 19.

Chimene ndikuona kuti ophunzira anzanga azichigwiritsitsa ndi chakuti kukula kokha sikuteteza. Kasankhidwe ka mapulayimuwo kangawononge zonse. Taonaninso 8633 uja. Popeza 89 ndi 97 ndi oyandikana, palibe chifukwa chogawira maulendo 24. Nambala yoyamba imene ikadzichulukitsa imapitirira 8633 ndi 93, chifukwa 93 × 93 = 8649. Chotsanipo 8633, patsala 16, amene ndi 4 × 4. Basi mwamaliza: 93 − 4 = 89, ndipo 93 + 4 = 97. Njira imeneyi ndi ya Pierre de Fermat, wa m'zaka za m'ma 1600, ndipo imaswa msangamsanga ngakhale kiyi ya madijiti 617 ngati mapulayimu ake ayandikana kwambiri.

Vuto lina linaonekera mu 2012, pamene ofufuza anasonkhanitsa makiyi a poyera mamiliyoni pa intaneti n'kupeza kuti ena zikwizikwi anali ndi pulayimu yofanana, chifukwa zipangizo zowapanga sizinkasankha mwachisawawa mokwanira. Kiyi yanu ikakhala 33, ya wina 77, chotsani 33 kawiri pa 77, patsala 11, ndipo 11 amagawa onse awiri. Apo makiyi awiri asweka nthawi imodzi.