Kalulu wanga ankasintha nkhope ngati nanzikambe

Katuni yanga ya Kalulu, ya mphindi imodzi yokha, yandidyera masabata awiri. Pulogalamu ya AI yopanga mavidiyo imene ndikugwiritsa ntchito imatulutsa tizidutswa ta masekondi 5, ndiye pankafunika tizidutswa 12 ta Kalulu mmodzimodzi.

Loweruka loyamba lonse linangolowa m'madzi. Kachidutswa koyamba kanatuluka bwino, ine kusangalala. Pa kachiwiri ndinalemba kuti `the same hare as before`, poganiza kuti makinawo akumukumbukira. Panatuluka chikalulu chonenepa, cha maso ngati mbale, malaya achikasu. Ndinabwereza kasanu ndi kawiri, ulendo uliwonse makirediti olipirira pulogalamuyi akudulidwa, bandulo ikutha, ndipo chikatuluka chonyansa sakubwezerani kanthu. Pulogalamu yangayi siikumbukira chilichonse, abale. Kachidutswa kalikonse imayamba ngati sinamuonepo.

Chimene chinandipulumutsa ndi chithunzi. Ndinayamba ndapanga chithunzi chimodzi cha Kalulu ataimirira, thupi lonse likuoneka, kumbuyo kuli koyera, kenako china cham'mbali. Tsopano ndimalowera pa `image to video`, chithunzicho n'kukhala poyambira. Mawu ofotokoza maonekedwe ake ndinawasunga mufoni, ndimangokopera:

```
2D cartoon hare, flat colors, thick black outline, grey fur, plain red shirt, blue shorts
```

Pansi pake ndi pomwe ndimawonjezera zochita, chinthu chimodzi basi, monga `walks left to right, static camera`. Mzere wapamwambawo musaukhudze. Tsiku lina ndinalemba pamtima, n'kuika `rabbit` m'malo mwa `hare`, makutu anafupika, masaya n'kutupa.

Ndaiwala za malaya. Poyamba ndinamuveka malaya achitenje, okongola zedi, koma maluwa ake ankasintha akangosuntha mkono. N'chifukwa chake mukuona `plain` pamwambapo. Khutu lakumanzere lopindika nalonso ndinalisiya, chifukwa akatembenuka linkasamukira kumanja. Kutembenuka kwenikweniko n'kovuta: makinawo sanaone msana wake, ndiye amangopeka. Ndi bwino kudula pamenepo n'kuyambira pa chithunzi cham'mbali chija.

Njira ina ndi kutenga chithunzi chomaliza cha kachidutswa kuti chikhale choyambira cha kotsatira. Imalumikiza bwino, koma tizolakwika timawunjikana. Pofika kachinayi ubweya wotuwa uja unali utayamba kufiira, mizere yakuda itawonda. Muziika chithunzi choyambirira pambali n'kuyerekeza makutu, mtundu wa malaya ndi kukula kwa maso. Zikayamba kusiyana, bwererani ku choyambirira. Nambala ya `seed`, imene imathandiza makinawo kutulutsanso zofanana ndi zoyamba, ndinaiyesanso, koma mukasintha zochita siigwira nkhope payokha.

Ndibwerezenso, koperani mzere uja, osalemba pamtima. Kachidutswa ka nambala 9 kabudula adakali wobiriwira pang'ono, koma makirediti anatha, ndangokasiya choncho.