Chithunzi cha mpunga chimene chinkangoti $5

Ine ndi mwamuna wanga timagulitsa mpunga wa Kilombero kunyumba kwathu ku Mufakose, mumzinda wa Harare. Mlamu wanga amaugula kwa alimi ku Karonga, ndipo umatipeza pa basi yodzera ku Mwanza, Tete ndi Nyamapanda. Tilibe shopu. Ndimajambula mpungawo pa foni, nʼkuika chithunzi pa WhatsApp kuti anthu a kumudzi amene ali muno mu Harare aone.

Miyezi yoyamba pansi pa chithunzi ndinkangolemba kuti $5, basi. Sindine munthu wa mawu ambiri, komanso ndinkaona ngati aliyense wochokera ku Malawi amaudziwa Kilombero, ndiye ndiwonjezerenji?

Tsiku lina kunabwera amayi ena achikulire kuchokera ku Epworth. Anakwera kombi mpaka mʼtauni, nʼkukweranso ina yobwera kuno. Nditawapatsa pepala la mpunga anangoliyangʼana.

"Mwanangu, ndi umenewu? Ine ndimayesa ndi makilogalamu asanu."

"Ayi amayi, ndi makilogalamu awiri."

Sanakalipe, koma ndinaona kuti zawapweteka, ndipo ndalama ya kombi inali itapita kale. Kulakwa kunali kwanga. Pepalalo ndinalijambula pafupi kwambiri moti linadzaza chithunzi chonse, ndipo pepala la makilogalamu awiri likajambulidwa choncho silisiyana ndi la asanu. Nambala yokhayo imene anaiona inali 5. Ndinawawonjezera kilogalamu imodzi, nʼkuwaperekeza kokwerera.

Usiku womwewo ndinawerenganso mauthenga onse amene anthu ananditumizira mwezi umenewo. Mafunso anali omwewomwewo: ndi wochuluka bwanji, ndi wa chaka chino kodi, muli kuti. Apa mʼpamene ndinazindikira kuti mawu oika pansi pa chithunzi sindiyenera kuwapeka ayi. Ogula anali atandipatsa kale, kwatsala kungoyankha asanafunse. Mawa lake ndinalemba chonchi:

"Mpunga wa Kilombero, wa chaka chino, wopeta kale. 2 kg, USD 5. Kutengera ku Mufakose, kapena tikumane mʼtauni Loweruka mʼmawa. Kulipira pa foni ndi EcoCash kukutheka."

Mawu aliwonse pamenepo ali ndi ntchito yake, ndipo ntchitoyo ndi kunena chimene chithunzi sichingaonetse. Kuti mpunga ndi woyera, maso akuona okha, sindilemba. Koma kulemera kwake sakuona, ngakhalenso kuti ndinakhala pansi ndi lichero nʼkuchotsa mankhusu ndi timiyala. Kwa mayi wobwera kuntchito madzulo atatopa, "wopeta kale" ndi nkhani yaikulu kuposa "wabwino zedi", chifukwa wogulitsa aliyense amati wake ndi wabwino. Mawu akuti "wa chaka chino" ndimawalemba pokhapokha zili zoona. Munthu amene anakulira ku Karonga amamva fungo poto akangoyamba kuwira, simungamunamize.

Zilembo za USD ndinayamba kuziika ndalama yatsopano ya dziko la Zimbabwe, ya ZiG, itabwera mu Epulo 2024. Ena ankafunsa kuti mtengowo ndi wa ndalama iti, ena ankafuna ndiwawerengere mu ZiG. Ndimalemba mtengo umodzi wokha, wa madola a ku America, ndipo wofuna kulipira mu ZiG timagwirizana tsiku lomwelo. Ndimapewanso mitengo ya masenti. Chenji ndi yovuta muno, choncho ndi bwino kusintha kuchuluka kwa mpunga mʼpepala kuti mtengo ukhale wa madola athunthu kusiyana ndi kulemba 4.50 kenako nʼkuyamba kusakasaka masenti 50 wogula ataima pakhomo.

Panatsala vuto limodzi. Chithunzi cha pa Status chimachoka pakatha maola 24, koma anthu amachisunga mʼfoni nʼkumatumizirana, ndipo nthawi zina chimayenda chopanda mawu anga. Bambo wina anabwera ndi chithunzi cha miyezi itatu yapitayo, mtengo utasintha kale chifukwa cholipira pa basi chinali chitakwera, ndipo tinavutika kumvana. Tsopano ndimalemba ndi cholembera chakuda pa kachidutswa ka katoni kulemera, mtengo ndi tsiku, nʼkukaimika patsogolo pa mpunga ndisanajambule. Pambali ndimaika kapu ya tiyi kuti munthu ayerekeze kukula kwa pepalalo. Chithunzi chikapita kulikonse, zimenezi zimapita nacho.

Kuti mawu akwanira ndimadziwira pa uthenga woyamba umene wafika. Ukakhala wakuti "ndi zingati?" kapena "muli kuti?", ndiye kuti pali chimene ndasiya, ndipo ndimakonza nthawi yomweyo. Ukakhala wakuti "achemwali, mundisungire mapepala awiri, ndibwera Loweruka", ndimatenga sikelo nʼkuyamba kuyeza.

Amayi a ku Epworth aja amagulabe. Masiku ano amatuma mdzukulu wawo kuti tikumane mʼtauni, ndipo amaneneratu pa foni kuti akufuna makilogalamu anayi.