Chingwe chachitatu

Fomu yopempha zipangizo ndinaipereka ku ofesi kutatsala milungu isanu kuti chionetsero cha sayansi chichitike. Ndinalembapo matumba awiri a sementi ndi mamita 30 a chingwe cha khonje chonenepa ngati chala chamanthu. Sementi inabwera msanga. Chingwe chinadzafika Lolemba la sabata yathayi, mamita 20 okha, pamodzi ndi mpukutu wa kachingwe ka nayiloni koyanikira zovala. Nditafunsa anandiyankha kuti chingwe n'chingwe basi.

Aphunzitsi anzanga a fiziki mukudziwa mmene kalabu ya sayansi imayendera, ndiye za kusaka ana nthawi yopuma ndi kugula choko ndi ndalama ya m'thumba sindinena. Chaka chino tinasankha ziboliboli za pachilumba cha Rapa Nui, zimene eni ake amazitcha mowai. Chilumbachi chili m'manja mwa dziko la Chile, pamtunda wa makilomita oposa 3,500 kuchokera kugombe la dzikolo. Pali ziboliboli pafupifupi 1,000, ndipo chapakatikati chimatalika mamita 4 n'kumalemera matani oposa 12. Anthu amazitcha mitu chifukwa cha zithunzi za ku Rano Raraku, phiri limene ankazisemerako, kumene dothi lokokoloka paphiri linazikwirira mpaka m'mapewa, koma zili ndi thupi lonse, mimba, mikono ndi zala zazitali zogwira pansi pa mchombo. Amene anazisema analibe chitsulo, magudumu kapena ng'ombe zokoka ngolo. Azungu atayamba kufunsa mmene zinafikira kugombe, eni chilumba ankayankha kuti zinayenda zokha. Ine ndinkafuna kuti ana aone ndi maso awo kuti yankho limeneli lili ndi fiziki mkati mwake.

Chiboliboli chathu cha sementi chinali chaching'ono, chotalika mita imodzi ndi masentimita 20, cholemera makilogalamu pafupifupi 300. Mmisiri wa pasukulu anachiumba ine ndili koyang'anira mayeso, ndipo poona kuti chojambula changa chapendekekera kutsogolo anaganiza kuti dzanja langa linalakwitsa. Anachiwongola, nachipatsa tsinde lafulati la ngodya zinayi ngati mwala wa pamanda. Lolemba masana tinamanga zingwe ziwiri m'mutu, ana anayi uku anayi uko, n'kuyamba kukoka mosinthana. Chinkangogwedezeka pamalo amodzi ngati munthu wokana. Titayesa kuchipotokola kuti chisunthe, ngodya za tsinde zinayamba kunyenyeka. Pavel Pavel, injiniya wa ku Czechoslovakia, anaona zomwezi mu 1986 pamene anayesa kuyendetsa mowai weniweni wa matani pafupifupi 9 ali pachilumbapo ndi Thor Heyerdahl, wofufuza wa ku Norway. Chinayendadi, koma analekeza panjira chifukwa tsinde linkaphwanyika.

Mmisiri sindinamukalipire, chifukwa iye anaumba chimene aliyense amaona pazithunzi, ziboliboli zoima njo pamaguwa amiyala otchedwa ahu. Zogona m'mbali mwa misewu yakale yochokera ku Rano Raraku, zoposa 50, n'zosiyana. Matsinde ake ndi otakata, kumbuyo kowongoka koma kutsogolo kozungulira ngati chilembo D, ndipo anadulidwa mopendekeka moti chiboliboli chikaimikidwa chimaweramira kutsogolo. Zilibenso maenje a maso. Carl Lipo ndi Terry Hunt, akatswiri ofufuza zakale amene anaziyeza, amati amenewa ndi maonekedwe a paulendo. Chikafika pa ahu, amisiri ankasema tsinde kuti chiime mowongoka, kenako n'kugoba maso.

Lachiwiri lonse linathera pa tchizulo ndi hamala. Tsinde lathu linali masentimita 35 kuchoka kumbuyo kufika kutsogolo, choncho kuti chiwerame ndi madigiri 10 tinayenera kuchotsa masentimita 6 kutsogolo, n'kumachepetsa mpaka ziro kumbuyo, kenako n'kuzunguliza ngodya. Ana anatuluka matuza m'manja pa masentimita 6 okhawo, ndipo mpamene ndinawafotokozera za kasemedwe kenikeni, iwo akupepesa zikhatho.

Pafupifupi mowai onse anachokera ku Rano Raraku, phiri lomwe kale linkaphulika moto. Mwala wake ndi phulusa la chiphalaphala lomwe linaumbana, wofewerapo kusiyana ndi mwala wakuda wolimba umene ankapangira nkhwangwa zawo zogwira m'manja zotchedwa toki. Chiboliboli ankachisema chili chigonere chagada m'thanthwe momwemo. Ankayamba nkhope ndi chifuwa, n'kukumba ngalande mbali zonse ziwiri zoti amisiri aimemo, kenako n'kumalowa pansi mpaka chitangotsala chogwira thanthwe ndi kamzere kamodzi kotsata msana. Akatsamiritsa ndi miyala ankadula kamzereko, n'kuchitsetsereza kumunsi kwa phiri, kumene ankachiimika m'dzenje kuti amalize msana. Pa ulendo wa Heyerdahl wa 1955 mpaka 1956, amuna 6 a pachilumbapo anagoba thanthwe ndi toki masiku atatu, akuliwaza madzi kuti lifewe, ndipo powerengetsa anapeza kuti chiboliboli chimodzi chikanawatengera chaka kapena kuposerapo. Ku Rano Raraku kudakali ziboliboli pafupifupi 400, zina zongoyambidwa, kuphatikizapo chimodzi cha mamita pafupifupi 21 chimene sichinachoke m'thanthwe.

Madzulo a Lachiwiri lija tinachiimika chiboliboli chathu pabwalo la mpira wamanja, ndipo chinayenda. Aliyense amene anasunthapo diramu lodzaza madzi akudziwa kuyamba kwake: ukalipendeketsa, limaima pa kachigawo kakang'ono ka m'mphepete ndipo limapepuka kulitembenuza. Kusiyana kwake n'kwakuti diramu umalikankha wekha, pomwe mowai amadzikankha. Ana a kumanja akakoka, mbali ya kumanzere imanyamuka. Popeza malo amene kulemera kwake kwasonkhana, amene m'kalasi timati senta ya gilavite, ali kale chakutsogolo, chiboliboli chimagudubuka pa mphepete yozungulira ija ndipo mbali yonyamukayo imakatera patsogolo pang'ono. A kumanzere akakoka, mbali inayo imatsatira. Palibe amene amakokera kutsogolo. Chiboliboli chimakhala chikugwa chafufumimba nthawi yonse, ndipo chimene chimaletsa kugwako kuti kusathere pansi ndi chingwe chachitatu, chogwiridwa ndi anthu a kumbuyo. Ndi zingwe zitatu zomwezi, Lipo ndi Hunt anayendetsa chofanizira cha konkire cha matani 4.35 ku Hawaii, anthu 18 okha, mamita 100 ola lisanakwane. Ife tsiku limenelo tinayenda mamita 5 pamalo athyathyathya. Khonje lonse linathera m'mbali, mamita 10 mbali iliyonse kuti ana aime patali, ndipo kumbuyo ndinamangako kanayiloni kaja nditakapinda pawiri.

Lachitatu m'mawa kunabwera alendo odzayendera sukulu. Cha m'ma 10 koloko ahedi anatumiza mwana kudzandiuza kuti alendo akufuna kuona chidole choyenda, ndipo chiyendere panjira yotsika kuchoka ku labotale kupita ku holo, poti mpamene pali mthunzi. Ndinapita kukawauza kuti, "Bwana, njira imeneyo ndi yotsetsereka, ndipo chingwe cha kumbuyo si choyenera." Anandigwira paphewa n'kunena kuti, "Aphunzitsi, mamita awiri okha, alendo ajambule, basi." Ndinavomera. Mlandu umenewo ndi wanga, ndipo ndakhala ndikuutembenuza usiku uliwonse kuyambira tsikulo.

Pamalo otsika, kuwerama kwa chiboliboli kumaphatikizana ndi kutsika kwa nthaka. Madigiri athu 10 anasanduka mwina 15, ndipo katundu yense anapita kwa anyamata atatu a kumbuyo. Masitepe anayi oyamba anayenda bwino, alendo akuomba m'manja. Pa sitepe lachisanu ndinaona mutu ukupitirira pamene unkalekezera dzulo lake, anyamata akumbuyo atatsamira ndi mphamvu zawo zonse koma osaubweza. Khonje likakokedwa limauma gwa, ndipo wogwira amamva m'manja chilichonse chimene katundu akuchita. Nayiloni amatamuka kaye, ndiye pamene anyamatawo ankamva kulemera, senta ya gilavite inali itadutsa kale mphepete ya tsinde. Ndinakuwa kuti aliyense asiye chingwe. Kanayiloni kanaduka pa mfundo, chiboliboli chinagwa chafufumimba, khosi n'kuthyoka, ndipo mutu unagubuduka n'kukaima pafupi ndi phazi la mtsikana wa Fomu 2 amene anali woyamba pa chingwe cha kumanzere. Pakati pa mutuwo ndi nsapato yake pankangokwana chikhatho changa. Iye sanalire, anangokhala pansi n'kumayang'ana nsapatoyo. Amene ndinkanjenjemera ndinali ine.

Mnyamata wina amene amawerenga chilichonse chimene ndawapatsa anabwera pambali panga n'kunong'ona kuti, "Sala, chagwa ngati za m'misewu zija." Ankanena zoona. Lipo ndi Hunt anapeza kuti ziboliboli zambiri zogona pamalo otsika zinagwa chafufumimba, pomwe za pachikweza zambiri zinagwa chagada, ndipo zambiri n'zothyoka. Chinthu chokokedwa chogona pa mitengo sichingagwe motero. Misewu yakenso ndi ya mamita pafupifupi 4 ndi theka m'lifupi, yolowa pakati ngati mtondo wosazama, zimene zimathandiza chinthu choyenda mogwedezeka kuti chisapatuke. Si akatswiri onse amavomereza. Jo Anne Van Tilburg anasonyeza mu 1998 kuti anthu makumi angapo angathe kukoka chiboliboli chogoneka pa chileyi cha mitengo, ndipo Katherine Routledge, amene anafufuza pachilumbapo mu 1914, ankaganiza kuti za m'misewuzo zinaimikidwa dala pamenepo kuti zikongoletse njira. Zonsezi ndinali nditakonza kuwauza alendo, koma anali atalowa kale mu holo kukamwa tiyi.

Lachinayi ndinaitanidwa ku ofesi kuti ndilembe lipoti. Anandiuza kuti ndilembe kuti ana anakoka mosagwirizana. Ndinakana. Ndinalemba kuti ndinapempha mamita 30 a khonje, ndinalandira 20, ndinachenjeza za kutsetsereka, ndipo ndinalakwa povomera. Kope ya fomu yoyamba ija ndinaimata kumbuyo kwake. Kusiyana kwa mtengo wa zingwe ziwirizo sikukanafika ngakhale pa mtengo wa mabisiketi amene alendo anadya. Madzulo ndinapita kwa makolo a mtsikana uja ndekha, wapansi, kukawafotokozera asanamve kwa ena. Mayi ake anandipatsa mpando, n'kundifunsa ngati mwanayo apitirize kalabu. Ndinati zili kwa iwo.

Lachisanu ndinaphunzitsa mapiriyodi anga asanu ndi limodzi, ndinachonga makope, ndinayang'anira ana osesa. Thupi la chiboliboli lidakali panjira ya ku holo, chifukwa popanda mutu palibe pomanga zingwe pamwamba mokwanira kuti munthu alipendeketse, ndipo ahedi akufuna lichoke makolo asanabwere ku msonkhano Loweruka likudzali. Mutu ndinauika pa shelefu mu labotale. Mtsikana uja anabwera ku kalabu, ndipo anapempha kuti tikadzaumba china iye adzakhale pa chingwe cha kumbuyo. Ndalembanso fomu ina: thumba limodzi la sementi, mamita 10 a khonje, ndipo mawu akuti khonje ndawadula mzere kunsi kawiri.