Mmene ndinatolera ndalama zanga ku leba opanda kontirakiti

Adona anandichotsa ntchito ya m'nyumba ku Lilongwe ndi mawu apakamwa basi, akuti mawa usabwerenso, nditagwira zaka zitatu. Nditafunsa zanga anati tinasainirana chani iwe ndi ine? Ndiye ndinapita ku ofesi ya leba ya boma, ndipo musamachedwe chifukwa dandaulo loti mwachotsedwa mosayenera limafunika lifike pasanathe miyezi itatu.

Ofesala anandiuza kuti lamulo la ntchito la 2000 limatiwerengera ifenso a m'nyumba ndi alonda, mgwirizano wapakamwa ndi kontirakiti ndithu. Kalata yofotokoza malipiro ndi maola imakakamizidwa kwa bwana amene ali ndi antchito asanu kupita mtsogolo, ndiye adona sanalakwe posandilembera, koma vuto limagwera iwe wantchito kuti uonetse kuti unayamba liti ndipo umalandira zingati. Ine chinandipulumutsa ndi mamesegi a Airtel Money, mwezi ndi mwezi K80,000 ikuoneka ndi dzina lawo. Amene mumalandira pamanja kagulani kope, muzilemba deti abwana azisaina.

Ofesala anandilembera kalata yowaitana adona, ndinakasiya ndekha pageti. Tsiku lokumana adona anati ndimasowetsa zinthu, ofesala anangofunsa kuti munamukhazika pansi kuti ayankhepo? Iwo zii. Paja lamulo limafuna chifukwa chomveka komanso mpata woti munthu adziteteze, ndipo woonetsa umboni wa chifukwacho ndi bwana osati wantchito.

Kenako kuwerengera. Wolandira pamwezi amayenera notisi ya mwezi umodzi kapena ndalama yake, ndiye K80,000. Gratuwiti, ndalama yomwe umalandira ntchito ikatha, ndi 5 peresenti ya malipiro pa mwezi uliwonse omwe wagwira, K4,000 kuchulukitsa miyezi 36 inakwana K144,000. Livi ya wogwira masiku 6 pa sabata ndi masiku 18 pa chaka, ndiye anawerengeranso masiku omwe sindinapume.

Pomwe panavuta ndi pa Masande. Munthu sayenera kugwira kupitirira masiku 6 motsatana osapuma maola 24 athunthu, ndipo ukagwira pa tsiku lako lopuma malipiro ake ndi kawiri. Ine ndimagona komweko ndiye Lamulungu alendo akabwera ndi ine kuphika, kutsuka mbale mpaka usiku, koma adona anakana kuti ndimangothandiza mwakufuna kwanga, ndipo panalibe polembedwa paliponse, apa ndinapeza zochepa kwambiri. Alonda ndiye zimawapweteka koposa, amagwira usiku uliwonse opanda wosinthana naye pomwe maola a pa sabata ndi 48, opitirira apo ndi ovataimu.

Ofesala anati tikalephera kugwirizana nkhani ipita ku khoti loona za ntchito, komwe kumakambidwanso za chipukuta misozi. Adona atamva za khoti anavomera kulipira m'magawo awiri, theka tsiku lomwelo lina kumapeto kwa mwezi, tonse tinasaina pamaso pa ofesala, ndipo ndinawaumiriza andipatsenso kalata yosonyeza zaka zomwe ndagwira kuti ndikafunire ntchito kwina.